Kodi Kusiyana Kumeneku Nkwenikweni? Kawerengedwe ka Tebulo la Zipinda Zinayi

Chiyambire mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndiponso namondwe Freddy amene anaononga mijigo ndi zimbudzi ku Nkhulambe ndi madera ena a Phalombe mu Malichi 2023, alangizi a zaumoyo akhala akuyenda khomo ndi khomo kufunsa za madzi, zimbudzi ndi matenda a ana. Mayankho anu amawerengedwa, ndipo kawirikawiri amabwerera kwa inu pa msonkhano wa m'mudzi kapena pa tsiku la sikelo ali m'mawu onga awa: "Ana a m'nyumba zakutizakuti amadwala kwambiri kuposa anzawo." Tsono mawu oterewa amachokera pa kachithunzi ka manambala kamene a zaumoyo amati tebulo. Munthu aliyense wodziwa kuwerenga ndalama pa msika wa Migowi angathe kuliwerenga tebuloli, ndiponso angathe kuweruza yekha ngati kusiyana kumene akuuzidwako kuli kwenikweni kapena ai.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto. Manambala ake ngongoyerekeza. Sanachokere m'mudzi wina uliwonse, ndipo ndawasankha kuti akhale osavuta kugawa.

Tiyerekeze kuti mlangizi wayendera mudzi wina wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa, nawerenga ana 100 osapitirira zaka zisanu, mwana mmodzi pa nyumba iliyonse. Pa mwana aliyense wafunsa zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kodi madzi akumwa amasungidwa m'ndowa yovindikira kapena yosavindikira? Chachiwiri, kodi mwanayo anatsegula m'mimba m'masabata awiri apitawa? Popeza funso lililonse liri ndi mayankho awiri, mwana aliyense agwera m'chimodzi mwa zipinda zinayi, ndipo palibe mwana wolowa m'zipinda ziwiri.

| | Anadwala | Sanadwale | Onse |
|---|---|---|---|
| Ndowa yovindikira | 10 | 30 | 40 |
| Ndowa yosavindikira | 20 | 40 | 60 |
| Onse | 30 | 70 | 100 |

Musanachite china chilichonse, onkhetsani. 10 ndi 30 apange 40. 20 ndi 40 apange 60. Ndipo 40 ndi 60 akwane ana 100 aja. Ngati manambala a m'mphepete sakugwirizana ndi a m'kati, ndiye kuti mwana wina wasiyidwa kapena walembedwa kawiri, ndipo tebulo lotero nlofunika kulibweza kwa mwini wake.

Yendani chopingasa

Maso a munthu amathamangira pa odwala. Amaona 10 pamwamba ndi 20 pansi, nanena kuti ndowa yosavindikira imadwalitsa ana kuwirikiza kawiri. Apa mpamene ambiri amaphonya, ngakhale ophunzira amene. Magulu awiriwa salingana kukula: lina liri ndi ana 40, lina 60. Mudzi waukulu umakhala ndi maliro ambiri kuposa mudzi waung'ono, koma sitinena kuti mudzi waukuluwo ngwoopsa kukhalamo.

Njira yoyenera ndiyo kutenga mzere umodzi ndi kuyenda nawo chopingasa, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mwa ana 40 a ndowa yovindikira, anadwala ndi 10, ndiye kuti mwana mmodzi mwa anayi alionse. Mwa ana 60 a ndowa yosavindikira, anadwala ndi 20, ndiye kuti mmodzi mwa atatu alionse. Kunena mwa mapelesenti, ana 25 pa 100 mbali ina, ndi ana 33 pa 100 mbali inayo. Kusiyana kulipo ndithu, koma taonani m'mene kwachepera. Sikulinso kuwirikiza kawiri ai.

Palinso ena amene amawerenga chotsika. Amatenga odwala 30 aja nati, "Mwa odwala atatu alionse, awiri amamwa za m'ndowa yosavindikira!" Mawuwa ngoona, ndipo amamveka oopsa pa msonkhano, koma satiuza zambiri, pakuti m'mudzimo ana 60 mwa 100 amamwa kale za m'ndowa zotero, odwala ndi osadwala omwe. Mukadafunsa odwalawo ngati amadya nsima, onse akadavomera, koma palibe angaimbe nsima mlandu. Nchifukwa chake kaundula wa ku chipatala payekha sangayankhe funso lathu: muli maina a odwala okha, ndipo ana amene anatsala kunyumba ali bwino mulibe. Tebulo lopanda chipinda cha osadwala liri ngati sikelo ya mbale imodzi.

Lichero la nyemba

Tapeza kuti mbali ina ndi mmodzi mwa anayi, inayo mmodzi mwa atatu. Tsopano tifike pa funso lenileni. Kodi kusiyana kotere sikungadze kokha, mwangozi, ndowa isanachitepo kanthu?

Poyankha, timayamba tayerekeza kuti ndowa siisintha kanthu konse. Zikadakhala choncho, matenda akadagawikana mofanana. M'mudzi monse anadwala ana 30 mwa 100, ndiye kuti atatu mwa khumi alionse. Gulu la ana 40 liri ndi makumi anayi, motero tikadayembekeza odwala 12. Gulu la ana 60 liri ndi makumi asanu ndi limodzi, motero tikadayembekeza odwala 18. Koma ife tapeza 10 m'malo mwa 12, ndi 20 m'malo mwa 18. Nkhani yonse yagona pa ana awiri okha. Ana awiri a m'gulu loyamba akadadya mango osatsuka sabata limenelo natsegula m'mimba, kusiyana kukadachepa kwambiri.

Kuti muone bwino, chitani izi kunyumba. Tengani nyemba 100 zofanana kukula, 30 zofiira ndi 70 zoyera. Zofiira zikhale ana odwala, zoyera osadwala. Zisakanizeni bwino m'lichero, tsinzinani, ndipo tolani nyemba 40. Zimenezi zikhale ana a ndowa yovindikira. Werengani zofiira, lembani, bwezani zonse m'lichero, ndi kubwerezanso. Dzanja lanu silidziwa za ndowa, silikondera. Komabe simudzapeza zofiira 12 ulendo uliwonse. Pena zidzakhala 11, pena 14, pena 10, penanso 13. Kumeneku ndiko kusiyana kodza mwangozi.

Akatswiri a masamu anawerengera kale zotsatira za masewera otere. Mukabwereza maulendo ambirimbiri, pafupifupi theka la maulendowo mudzapeza kuti zofiira zatalikira 12 ndi nyemba ziwiri kapena kuposa, ndiye kuti ziri 10 kapena kucheperapo, kapenanso 14 kapena kuposerapo. Motero zimene mlangizi wathu wapeza ndi zinthu zimene lichero lingatulutse lokha kamodzi pa maulendo awiri alionse. Umboni wotere sungaime pa bwalo. Sitinganene kuti tebuloli latsimikiza kuti ndowa yovindikira imateteza ana.

Nanga zikadatani kuti tikhulupirire? Odwala a m'gulu la ana 40 lija akadakhala 7 okha m'malo mwa 10, nkhani ikadasintha, pakuti kutalikira 12 ndi nyemba zisanu kapena kuposa kumachitika pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 20. Apa mpamene anthu a kafukufuku amaika malire awo. Kusiyana kukakhala kwakuti ngozi yokha ingakubweretse mosafika kamodzi pa maulendo 20, ndiye kuti kasanu pa 100, amavomera kuti pali kanthu. Iwo satola nyemba. Ali ndi masamu achidule otchedwa kai-sikweya, amene Mngelezi wina, Karl Pearson, anawatulukira mu 1900, ndipo ntchito yake ndi yomweyi ya kuyerekeza zimene tapeza ndi zimene tikadayembekeza m'zipinda zonse zinayi. Yankho lake amalilemba ndi chilembo P. Mukaona pa lipoti palembedwa P = 0.04, ndiye kuti pakadapanda kusiyana kwenikweni, ngozi ikadabweretsa kusiyana kukula chonchi pafupifupi kanayi pa maulendo 100. Malire a kamodzi pa 20 anawafalitsa ndi Mngelezi winanso, Ronald Fisher, m'buku lake la 1925. Ndi mgwirizano chabe wa anthu, monga m'mene ogulitsa nandolo amagwirizanirana za kukula kwa mbale yoyezera. Si lamulo la chilengedwe.

Tsono onani chodabwitsa. Tiyerekeze kuti alangizi khumi ayendera midzi khumi, nawerenga ana 1,000, ndipo apeza magawo omwewa: odwala 100 mwa ana 400, ndi odwala 200 mwa ana 600. Akadali mmodzi mwa anayi ndi mmodzi mwa atatu. Koma tsopano tikadayembekeza odwala 120 m'gulu loyamba, ndipo tapeza 100. Asowa ana 20, osati awiri. Mukadatola nyemba 400 m'dengu la nyemba 1,000, kuphonya ndi 20 sikukadachitika ngakhale kamodzi pa maulendo 100. Kusiyana komweko kumene kunali kopanda mphamvu pa ana 100 kwasanduka umboni wolimba pa ana 1,000. Chifukwa chake munthu akakuuzani mapelesenti okha, mfunseni mwaulemu kuti, "Kodi munawerenga anthu angati?" Ine ndimakayika kwambiri ndikamva kuti "theka la ana anadwala" popanda kutchula kuti anawo anali angati, pakuti theka la ana anayi ndi ana awiri basi.

Pano mpofunika kuchenjera mbali inanso. Ponena kuti tebulo la ana 100 silinatsimikize kanthu, sitinanene kuti ndowa yovindikira njopanda ntchito. Tangonena kuti ana amene tawerenga ngochepa. Mlandu ukatha chifukwa mboni zinachepa, sindiye kuti mbuzi sinabedwe.

Mnzake wobisala

Tinene kuti ngozi taichotsa, ndipo kusiyana nkolimba. Patsala funso lina lovuta kuposa loyamba, ndipo masamu a kai-sikweya saliyankha konse. Kodi ndi ndowa imene yachita zimenezi, kapena pali chinthu china choyenda limodzi ndi ndowayo?

Tibwerere kwa ana 100 aja. Tiyerekeze kuti mlangizi anafunsanso kumene nyumba iliyonse imatunga madzi, ndipo anapeza kuti ana 50 amamwa a pa mjigo, 50 enawo a pa chitsime chosatetezedwa cha kudambo. Tsopano tiligawe tebulo pawiri.

Mwa ana 50 a pa mjigo, 30 ngochokera m'nyumba za ndowa yovindikira, ndipo odwala ndi 6: mmodzi mwa asanu. Ana 20 otsalawo ngochokera m'nyumba za ndowa yosavindikira, ndipo odwala ndi 4: mmodzinso mwa asanu. Palibe kusiyana.

Mwa ana 50 a kudambo, 10 okha ndiwo a ndowa yovindikira, ndipo odwala ndi 4: awiri mwa asanu. Ana 40 ndi a ndowa yosavindikira, ndipo odwala ndi 16: awirinso mwa asanu. Palibenso kusiyana.

Onkhetsani muone. Odwala 6 ndi 4 akupanga 10 aja, ndipo 4 ndi 16 akupanga 20 aja. Ndi ana omwewo, palibe taonjezera kapena kuchotsa. Koma kusiyana kwa ndowa kwazimirira, ndipo kwaoneka kusiyana kwina kwakukulu: ana a kudambo akudwala kuwirikiza kawiri kuposa a pa mjigo. Chinachitika nchiyani? Ndowa zovindikira zinachuluka m'nyumba za kufupi ndi mjigo, mwina chifukwa amene anakumba mjigowo anagawanso ndowa kwa oyandikana nawo. Ndowa inangodya ulemu wa mjigo.

M'chitsanzo chathu mnzake wobisalayo anali mjigo, koma angathe kukhala china. Banja logula ndowa ya chivindikiro kawirikawiri ndi lomwenso limatha kugula sopo, liri ndi chimbudzi chabwino, ndipo ana ake sagona ndi njala. Nyengo nayo imabisala. Mlangizi akayendera mbali ina ya mudzi mu Febuluwale, madambo a ku Chilwa atasefukira, ndi mbali ina mu Julayi, tebulo lake lidzaonetsa kusiyana kwa dzinja ndi chisanu litavala malaya a ndowa. Ndipo kuwerenga ana ambiri sikuchiza vuto limeneli. Ana 1,000 owerengedwa mokhota amangopereka yankho lolakwika molimba mtima.

Zimene zinachitika ku Nyamithuthu

Funso la ndowali linayesedwa ndithu m'dziko lathu lino. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu ambiri othawa kwawo anakhala pa msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje. Mu 1990 kolera inabuka pa msasapo, ndipo ofufuza anapeza kuti matendawa ankagwira kwambiri m'nyumba zimene anthu ankapisa manja m'madzi akumwa osungidwa. Motero mu 1993 ofufuza ena anatsata mabanja pafupifupi 400 kwa miyezi inayi. Banja limodzi mwa anayi alionse linapatsidwa ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro ndi mlomo wotsanulira, yoti dzanja lisalowemo. Enawo anapitiriza ndi ndowa zawo za masiku onse.

Chinthu chanzeru chimene anachita ndi ichi: mabanja olandira ndowa sanasankhidwe ndi mfumu, kapena poona kuti ndani waukhondo, kapena poyamba ndi oyandikira chitsime. Anasankhidwa mwa maere. Maere sadziwa wolemera kapena wosauka, wa sopo kapena wopanda sopo, kotero anthu a mitundu yonse amagwera mbali zonse ziwiri mofananako. Umu ndi m'mene amatsekera khomo mnzake wobisala uja. Chotsala kuchiopa ndi ngozi yokha.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2001 m'magazini ya Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse. Ana osapitirira zaka zisanu a m'mabanja a ndowa yatsopano anatsegula m'mimba mochepera ndi 31 pa 100 poyerekeza ndi anzawo. Kunena kwina, pa matenda atatu alionse, pafupifupi amodzi anapeweka. Koma pambali pa nambalayi panalembedwa P = 0.06. Tsopano mukudziwa kuwerenga kwake: ndowa ikadakhala yopanda ntchito, kusiyana kotere kukadabwera mwangozi pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa maulendo 100. Malire aja ndi kasanu pa 100. Kafukufukuyu anawaphonya pang'onong'ono.

Kodi tsono titaye ndowayo? Munthu wongotsata malire mwakhungu anganene kuti inde. Ine ndikuti ai, ndipo zifukwa zanga ndi izi. Kasanu pa 100 ndi kasanu ndi kamodzi pa 100 nzoyandikana kwambiri. Sizingatheke kuti china chikhale choonadi chenicheni, chinzake chikhale chabe. Kuonjezera apo, ofufuzawo sanadalire tebulo la odwala lokha. Anayezanso madzi enieniwo. Anapeza kuti potuluka m'zitsime madzi anali abwino, koma ankaipitsidwa msanga akatungidwa, makamaka ndi manja a otunga. Ndipo m'ndowa zatsopano tizilombo tochokera m'chimbudzi tinachepa ndi 69 pa 100. Apa mboni zitatu zikugwirizana: kolera ya 1990 inaloza manja opisa m'madzi, kuyeza madzi kunaonetsa kuti chivindikiro chimaletsa manjawo, ndipo ana anadwala mocheperako monga m'mene munthu akadayembekezera. Mboni imodzi yonjenjemera imalimba ikamagwirizana ndi zinzake.

Tiyeneranso kuyeza mtengo wa kulakwa. Tikakhulupirira ndowa koma iri yopanda ntchito, tataya ndalama ya chivindikiro. Tikaikana koma iri yothandiza, tataya ana. Ukadakhala mankhwala okwera mtengo kapena okhala ndi zoopsa zake, tikadafuna umboni wolimba kuposa uwu tisanawapereke kwa mwana. Umboni wofunika umakula molingana ndi zimene tingataye.

Kukula kwa kusiyana nakonso nkofunika kukuyang'ana pakokha, pakuti P sanena za kukula. Ofufuza akawerenga ana zikwizikwi, angathe kutsimikiza molimba kuti gulu lina limadwala 30 pa 100 ndipo lina 29 pa 100. Kusiyana kumeneko sikuli kwangozi, koma nkwakung'ono kosati nkusinthira khalidwe la mudzi wonse. Pofuna kumva kukula kwake, chotsani gawo laling'ono pa lalikulu. M'chitsanzo chathu chija, 33 kuchotsa 25 kutsala 8 pa 100, ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 12. Kusiyanako kukadakhala kwenikweni, nyumba 12 zikavindikira madzi, mwana mmodzi akadapulumuka kutsegula m'mimba m'masabata awiri aja. Nambala yotere komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ingathe kuikambirana pansi pa mtengo, ikuyerekeza ndi mtengo wa ndowa 12 kapena wa kukonza mjigo wakufa.

Chotsiriza kuchiona ndicho ngati anthu a m'tebulo afanana ndi ife. Ku Nyamithuthu madzi anali abwino potuluka m'chitsime, choncho ntchito ya chivindikiro inali kuwasunga abwino. Banja la ku Phalombe lotunga pa mjigo kapena pa mpopi wa madzi ochokera m'phiri liri pa malo ofanana ndi amenewo, ndipo zotsatira za ku Nsanje zikulikhudza. Koma msodzi wokhala pa chimbowera m'nyanja ya Chilwa, kapena mayi wotunga pa chitsime chosatetezedwa cha kudambo, madzi ake amalowa m'ndowa ali oipa kale. Chivindikiro chidzangosunga tizilombo tomwe analowa nato. Madzi otero ayenera kuyamba aphitsidwa kapena kuthiridwa kolorini, ndipo akatero mpamene ayenera kuvindikiridwa ndi kumatsanulidwa, osati kutungidwa ndi chikho chogwira m'manja.